PHUNZIRO LA ZAUMOYO: MATENDA OBWERA NDI CHAKUDYA NDI KUTHA KWA MADZI M'THUPI

Nyengo ya zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mipingo ikafika, kawirikawiri timamva kuti anthu angapo a mudzi umodzi agwidwa ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba tsiku limodzi. Ambiri a iwo amachira patapita tsiku limodzi kapena awiri. Koma pakati pawo pamapezeka mwana wamng'ono kapena gogo amene amafooka msanga, ndipo pamene a pabanja akuganiza zofuna njinga, nthawi imakhala itatha kale. Pa matenda amenewa, chimene chimapha munthu nthawi zambiri si chakudya chimene anadyacho, koma madzi amene thupi lake lataya osabwezeredwa.

Phunziro lino likuyankha mafunso atatu. Tingadziwe bwanji kuti wodwala wadwala chifukwa cha chakudya? Ndi pa chizindikiro chiti pamene tiyenera kusiya kumusamalira pakhomo ndi kuthamangira naye kuchipatala? Ndipo tikafika kumeneko, tinene chiyani kuti athandizidwe msanga?

Kodi chakudya chimadwalitsa bwanji?

Anthu akadwala atadya pa mwambo, mawu oyamba kumveka amakhala akuti "atithirira". Maganizo otere adanitsa abale ndi anansi ambiri popanda chifukwa. Zoona zake n'zakuti chakudya chikhoza kudwalitsa khamu la anthu popanda wina aliyense kuchithira kanthu. Mpunga, nyama, nsomba, nyemba kapena mkaka zikaphikidwa ndi kusiyidwa pamalo ofunda kwa maola ambiri, tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana m'menemo mofulumira. Tizilomboti timachokera m'manja mwa wophika kapena wogawa, ku ntchentche, ku madzi otsukira mbale, kapena ku mpeni umene wadulira nkhuku yaiwisi kenaka n'kudulira tomato ndi kabichi.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sadziwa. Choyamba, chakudya chodwalitsa sichisasa kapena kununkha nthawi zonse. Chikhoza kuoneka bwino ndi kukoma bwino. Chachiwiri, tizilombo tina timasiya ululu wake m'chakudyamo, ndipo ululuwo sutha ndi moto. Mpunga wogona ndiwo chitsanzo chodziwika: ngakhale muutenthetsenso m'mawa, ngati unakhala usiku wonse pamalo ofunda, ukhoza kusanzitsa banja lonse.

Mafunso atatu ozindikirira

Funso loyamba ndi lakuti: ndani winanso wadwala? Ngati anthu awiri kapena kuposerapo amene anadya chakudya chimodzi adwala mofanana pa nthawi yoyandikana, pamene amene sanadye ali bwino, chakudyacho ndicho choyamba kuchikayikira. Werengani amene anadya nadwala, amene anadya koma osadwala, ndi amene sanadye. Dziwani kuti si onse odya amene amadwala, chifukwa ena amadya pang'ono ndipo matupi amasiyana mphamvu.

Funso lachiwiri ndi lakuti: papita maola angati kuchokera pamene munthu anadya kufika pamene anayamba kudwala? Kusanza kwamphamvu kumene kwayamba pasanathe maola 6, popanda kutentha thupi, kawirikawiri kumachokera ku ululu umene unali kale m'chakudya. Kudwala kotere kumabwera mwaukali koma kumathanso msanga, nthawi zambiri pasanathe tsiku limodzi. Kupotokola kwa m'mimba ndi kutsegula kumene kwayamba patapita maola 6 mpaka 24 kumachitika kawirikawiri ndi nyama kapena msuzi wophikidwa mumphika waukulu umene unazizira pang'onopang'ono. Koma ngati kudwala kwayamba patapita tsiku limodzi kapena masiku angapo, ndipo kwabwera ndi kutentha thupi, ndiye kuti tizilombo tenitenito tikuswana m'matumbo. Izi zimachitika ndi nkhuku kapena mazira osapsa, mkaka wosawiritsa ndi madzi oipa. Chifukwa cha ichi musangoloza chakudya chomaliza chimene munthu anadya. Kumbukirani zonse zimene wadya ndi kumwa m'masiku atatu apitawo.

Funso lachitatu ndi lakuti: chimbudzi chake chikuoneka bwanji? Timati munthu watsegula m'mimba akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposerapo pa tsiku limodzi. Chimbudzi chokhala ndi magazi ndi kamwazi, ndipo chimafuna mankhwala a kuchipatala. Chimbudzi chamadzi okhaokha, chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri ndiponso pafupipafupi, ndi chizindikiro cha kolera. Dziko lathu likukumbukira mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023, umene unatenga miyoyo yoposa 1,700. Kolera ikhoza kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa chabe, choncho chimbudzi chotere sichidikira kuti kuche.

Tiwonjezepo chenjezo limodzi. Mwana akamasanza ndi kutentha thupi, musathamangire kunena kuti ndi chakudya. Malungo nawo amayamba chomwecho, ndipo amadziwika pokhapokha magazi atayezedwa.

Zakudya zitatu zimene sizidikira

Pali kudwala kwa mitundu itatu kumene ngozi yake si kutha kwa madzi kokha. Pa mitundu imeneyi wodwala apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka wamphamvu.

Woyamba ndi bowa wakutchire m'nyengo ya dzinja. Bowa woopsa kwambiri sadwalitsa msanga. Munthu amayamba kusanza ndi kutsegula patapita maola 6 mpaka 24, kenaka amaoneka ngati wachira. Pamene abale akuthokoza, ululu umakhala ukuwononga chiwindi, ndipo pa tsiku lachitatu kapena lachinayi maso amasanduka achikasu. Aliyense amene wadwala atadya bowa wakutchire apite kuchipatala pamodzi ndi onse amene anadya nawo, ndipo mutenge bowa wotsala.

Wachiwiri ndi chinangwa chowawa chimene sichinaviikidwe ndi kuumitsidwa mokwanira. Chimabweretsa mutu, chizungulire, kusanza ndi kupuma movutikira patangopita maola ochepa, ndipo ana ndiwo amagwa msanga.

Wachitatu ndi mankhwala ophera tizilombo, monga opopera masamba kudimba kapena osungira chimanga, akalowa m'chakudya. Wodwala amatuluka dovu ndi thukuta lambiri, minofu imanjenjemera, pachifuwa pamadzadza, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri. Musamusanzitse, ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo, chifukwa dzina lolembedwa pamenepo ndilo lidzauza dokotala mankhwala oyenera.

Mmene madzi amathera m'thupi

Munthu akasanza kapena kutsegula m'mimba amataya madzi pamodzi ndi mchere wa m'thupi. Zikachepa, magazi sayenda bwino, impso zimasiya kupanga mkodzo, ndipo mtima umafooka. Mwana amafika pangozi msanga chifukwa thupi lake ndi laling'ono. Mwana wolemera makilogalamu 10 akataya theka la lita, thupi layamba kale kuvutika. Akataya lita imodzi, moyo wake uli pachiswe. Lita imodzi ndi mabotolo awiri okha a madzi ogula a mamililita 500.

Ogwira ntchito zaumoyo amayang'ana zinthu zinayi pofuna kudziwa kuchuluka kwa madzi amene mwana wataya, ndipo kholo lililonse likhoza kuziphunzira.

Choyamba ndi mmene mwanayo alili. Mwana amene akusewera ndi kuyang'ana anthu ali bwino. Amene akulira mosatonthola ndi kuvutavuta wayamba kuchepa madzi. Amene wangoti lefu, akugona mosadzutsika bwino, osatsata ndi maso zimene zikuchitika, ali pangozi yaikulu. Apa makolo ambiri amanyengedwa: mwana amene wakhala akulira kwa nthawi yaitali akangoti zii, amaganiza kuti wapeza bwino, pamene kwenikweni mphamvu zolirira zamuthera.

Chachiwiri ndi maso. Yang'anani ngati alowa m'kati kusiyana ndi masiku onse. Mayi ndiye amadziwa bwino nkhope ya mwana wake, choncho mawu ake pa ichi ndi ofunika.

Chachitatu ndi kamwedwe. Mupatseni madzi m'kapu kapena pa supuni. Akamwa mwachizolowezi, zili bwino. Akalanda kapu, kumwa mwaphuma ndi kulira mukamuchotsera, madzi achepa. Akalephera kumwa kapena kuyamwa, vuto lakula kwambiri.

Chachinayi ndi khungu. Mugonekeni mwana chagada. Tsinani khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi cholozera, osati ndi zikhadabo. Likwezeni kwa sekondi imodzi, kenaka lisiyeni. Khungu la mwana wabwino limabwerera nthawi yomweyo. Likabwerera mochedwerapo, madzi achepa. Likakhala chitsinikire kupitirira masekondi awiri, madzi atha kwambiri. Dziwani kuti njira iyi imanama pa mwana wonyentchera ndi pa nkhalamba, popeza khungu lawo limachedwa kubwerera ngakhale ali bwino, ndiponso pa mwana wonenepa kapena wotupikana, amene khungu lake limabwerera msanga ngakhale madzi atatha. Pa anthu otere dalirani zizindikiro zinazo.

Lamulo lake ndi ili: zizindikiro ziwiri mwa zinayizi zikapezeka, mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo. Koma kulefuka kapena kulephera kumwa, chimodzi chokha n'chokwanira kuti munyamuke nthawi yomweyo, usana kapena usiku.

Palinso zizindikiro zina zothandiza. Mkodzo ukachepa ndi kudera, kapena mwana akatha maola 6 osanyowetsa thewera, madzi achepa. Mwana akalira popanda misozi, ndipo m'kamwa ndi lilime zauma, ndi chimodzimodzi. Pa khanda, liwombo limalowa m'kati. M'madera ambiri liwombo likalowa anthu amamata mankhwala pamutu, koma liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo limabwerera pokhapokha madziwo atabwezeredwa. Nthawi imene ikutayika pofuna zomata ndi nthawi imene mwana akanakhala akumwa kapena ali panjira.

Pa munthu wamkulu yang'anani ludzu losatha, chizungulire akaimirira, kukokana kwa minofu ya m'miyendo, mawu osasa, manja ozizira ndi kusakodza kwa maola 8 kapena kuposerapo. Nkhalamba sizimva ludzu msanga. Gogo akhoza kukana madzi n'kumati ali bwino, koma akayamba kulankhula zosokonekera kapena kusinza masana, muzindikire kuti madzi amuthera.

Zochita pakhomo

Kubwezera madzi kuyambe pa chimbudzi choyamba chamadzi, osadikira zizindikiro. Sungunulani paketi imodzi yonse ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, kapena othira kolorini. Musagawe paketi, ndipo musachepetse madzi poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24.

Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akatsegula, kumene kuli pafupifupi kota mpaka theka la kapu yaikulu. Wa zaka ziwiri mpaka 10 amwe mamililita 100 mpaka 200. Wamkulu amwe mmene angathere. Mwana wamng'ono mumwetseni ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenaka yambaninso mochedwerapo, supuni imodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Kusanza si chifukwa chosiyira, popeza gawo lalikulu la zimene wamwa limatsalira m'thupi.

Ngati Thanzi palibe, sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Lawani musanamwetse: asawawe mchere kuposa misozi. Phala lamadzimadzi ndi madzi a mpunga wophika zimathandizanso. Zakumwa za m'mabotolo zotsekemera sizilowa m'malo mwa Thanzi, chifukwa shuga wake wochuluka amakokera madzi m'matumbo ndi kuwonjezera kutsegula.

Mwana woyamwa apitirize kuyamwa, kawirikawiri kuposa masiku onse. Amene amadya apitirize kudya pang'onopang'ono, monga phala ndi nthochi yakupsa. Mwana wosakwana zaka zisanu amafunikanso zinki, amene amaperekedwa kuchipatala kapena ndi mlangizi wa zaumoyo: theka la piritsi pa tsiku kwa wosakwana miyezi 6, piritsi lathunthu kwa wopitirira pamenepo, kwa masiku 10 mpaka 14 monga mwauzidwira. Amalize masiku onse ngakhale kutsegula kutasiya.

Musagule makapisozi, fulajilo kapena bakitirimu pa golosale. Kudwala kochuluka kobwera ndi chakudya sikufuna mankhwala amenewa, ndipo sabwezera madzi ngakhale dontho limodzi. Mapiritsi oimitsa m'mimba asapatsidwe kwa ana, ngakhalenso kwa wamkulu amene akutsegula magazi kapena watentha thupi.

Pamene muyenera kunyamuka

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati wodwala walefuka kapena wakomoka, akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse chimene walandira, wachita khunyu, akutsegula magazi, akutsegula zonga madzi a mpunga, akupuma movutikira, kapena m'mimba mukupweteka kwambiri mosalekeza.

Pitani tsiku lomwelo ngati zizindikiro ziwiri za kuchepa kwa madzi zaoneka, ngati thupi latentha, kapena ngati mkodzo waleka. Ngati palibe chizindikiro choopsa koma padutsa masiku atatu osasintha, pitaninso.

Pali anthu amene sitiwadikirira kuti zizindikiro zikule: khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wonyentchera, mayi woyembekezera, nkhalamba, munthu amene ali ndi kachilombo ka Edzi, ndi wodwala shuga, mtima kapena impso. Amenewa aonedwe ndi a zaumoyo msanga.

M'midzi yotalikirana ndi chipatala, alangizi a zaumoyo amakhala ndi chipatala cha m'mudzi chimene chimathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Kumeneko mukhoza kulandira Thanzi ndi zinki, ndipo mlangizi akaona chizindikiro choopsa amakutumizani ku chipatala chachikulupo. Mukamaganiza zodikira, werengerani mtunda ndi dzuwa. Ulendo wa maola awiri umene ndi wapafupi masana umasanduka wovuta usiku kapena mtsinje ukadzadza. Ndipo panjira wodwala amene akutha kumeza apitirize kumwa. Amene wakomoka musamuthire madzi m'kamwa, koma mugonekeni cham'mbali.

Chitsanzo cha banja lina

Tiyerekeze banja limene linapita ku chinkhoswe Lamulungu. Mpunga ndi nkhuku zinaphikidwa m'bandakucha, n'kugawidwa 2 koloko masana. Zotsala anabwera nazo kunyumba m'kontena, ndipo Lolemba 7 koloko m'mawa anazifunditsa pang'ono. Anadya ndi bambo, gogo wamkazi ndi mwana wa chaka chimodzi ndi theka. Mayi ndi mwana wamkulu anamwa tiyi ndi mbatata.

Pofika 10 koloko, onse atatu amene anadya mpunga anayamba kusanza, ndipo masana anayamba kutsegula m'mimba. Awiri amene sanadye anali bwino. Palibe amene anatentha thupi kapena kutsegula magazi. Mafunso atatu aja ayankhidwa: odwala ndi okhawo amene anadya, papita maola atatu okha, ndipo chimbudzi chilibe magazi. Izi zikuloza ku ululu wa mumpunga wogona. Mayi anasungunula Thanzi nayamba kumwetsa onse.

Pofika 2 koloko masana, atatuwo anali atasiyana. Bambo anasanza katatu, koma ankamwa ndi kukodza, ndipo ankayenda okha. Iwo akhoza kukhala pakhomo ndi kupitiriza kumwa. Mwana anali atasanza kasanu ndi kutsegula kanayi. Ankalira mosatonthola, maso anali atalowa, ankalanda kapu, ndipo thewera silinanyowe ndi mkodzo kuyambira 8 koloko m'mawa. Apa zizindikiro zitatu mwa zinayi zija zapezeka, choncho ayenera kupita lero, dzuwa lisanalowe. Gogo ankanena kuti asavutitse anthu, koma ankachita chizungulire akaimirira, ankakana kumwa, ndiponso amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Iwonso ayenera kupita, ngakhale akukana.

Chakudya chinali chimodzi, koma zochita ndi zosiyana. Chimene chatsogolera chiganizo si kuchuluka kwa zimene aliyense anadya, koma mmene thupi la aliyense likusungira madzi.

Zoti munene mukafika

Musakhale pamzere mwakachetechete ndi wodwala wolefuka. Uzani wogwira ntchito woyamba amene mwakumana naye chizindikiro choopsa kwambiri, monga kuti "mwanayu sakutha kuyamwa" kapena "akutsegula zonga madzi a mpunga". Odwala otere amayenera kuonedwa msanga.

Mukalowa, mawu akuti "wadwala m'mimba kuyambira kale" sathandiza kwenikweni. Dokotala amafuna nthawi ndi chiwerengero. Mayi wa m'chitsanzo chathu akhoza kufotokoza motere:

"Adokotala, mwanayu ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 6. Wayamba kusanza 10 koloko m'mawa uno, atadya mpunga ndi nkhuku zogona 7 koloko. Wasanza kasanu, watsegula kanayi, zamadzi koma zopanda magazi. Thupi silinatenthe. Wakodza komaliza 8 koloko. Ndamupatsa Thanzi pafupifupi kapu imodzi, ina wasanza, koma akuyamwabe. Bambo ake ndi agogo ake adya nawo ndipo akudwalanso. Agogowo ali panjapa, amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi."

M'mawu ochepawa muli zonse zofunika: msinkhu, nthawi yoyambira, chakudya ndi nthawi imene chinadyedwa, kangati, maonekedwe a chimbudzi, kutentha thupi, mkodzo womaliza, zimene wodwala wamwa, ena amene adwala, ndi matenda ena amene alipo. Nenaninso kumene mumatunga madzi akumwa, ngati m'mudzi muli wina wotsegula m'mimba kwambiri, ngati wodwala anali pa maliro kapena pa ulendo posachedwa, ndiponso ngati mayi ndi woyembekezera. Kuti musaiwale, lembani mzere pa pepala nthawi iliyonse wodwala akasanza kapena kutsegula.

Chinthu chimene anthu amabisa kwambiri ndi mankhwala amene apereka kale. Ena amaopa kukalipiridwa chifukwa anagula makapisozi kapena anamwetsa mankhwala azitsamba. Nenani zoona, ndipo tengani mapaketi kapena botolo lake. Mankhwala ena amagonetsa mwana, ena amavulaza impso zimene zafooka kale, ndipo dokotala akapanda kudziwa akhoza kusocheretsedwa ndi zizindikiro zimene akuona.

Musaiwale buku la kuchipatala. Mmenemo muli kulemera kwa mwana kwa posachedwa, ndipo poyerekeza ndi sikelo ya lero, dokotala amaona madzi amene atayika.

Zimene muyembekezere kuchipatala

Makolo ambiri amakhumudwa akapanda kuona diripi kapena jakisoni. Koma kwa wodwala amene madzi achepa pang'ono ndipo akutha kumwa, chithandizo choyenera ndi Thanzi woyezedwa bwino: mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, m'maola anayi. Mwana wa m'chitsanzo chathu, ngati akulemera makilogalamu 10, amwa mamililita 750, ndiye kuti botolo limodzi ndi theka la mamililita 500. Izi zikufanana ndi supuni yaing'ono imodzi pafupifupi pa mphindi imodzi ndi theka iliyonse. Ndi ntchito yofuna kuleza mtima, ndipo ndi chifukwa chake mayi amauzidwa kukhala pachipatala mpaka maola anayiwo atatha kuti mwana aonedwenso. Musachoke nthawiyo isanakwane. Diripi ndi ya amene madzi atha kwambiri kapena sakutha kumwa.

Musanatuluke, funsani zinthu zitatu: ndimwetse wochuluka bwanji kunyumba, zinki amwe masiku angati, ndipo ndikaona chiyani ndibwerenso msanga.

Udindo wa mudzi

Anthu angapo akadwala atadya pamalo amodzi, kapena munthu mmodzi akatsegula zonga madzi a mpunga, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo ndi nyakwawa tsiku lomwelo. Mlangizi amapereka uthengawo ku chipatala cha dera ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, kuti ena amene anadya nawo afufuzidwe ndipo chitsime kapena mjigo uyang'anidwe. Chakudya chotsala chisadyedwe ndipo chisapatsidwe ana kapena ziweto. Chivindikireni ndi kuchiika patali mpaka a zaumoyo atanena chochita. Cholinga cha kudziwitsa si kupezera mlandu wophika, koma kupeza msanga mwana kapena gogo wa pakhomo lina amene mwina wagona m'nyumba, madzi akumuthera.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi

1. Kuchokera kumalire a mudzi wathu kufika ku chipatala chapafupi ndi ulendo wa maola angati, masana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja?

2. Wodwala akafooka usiku, njinga kapena ngolo ya ndani imene tingadalire, ndipo ndalama ya kabaza ingachokere kuti?

3. Ndi makomo angati amene ali ndi paketi ya Thanzi ndi botolo loyezera lita imodzi lero lino?

4. Pa mwambo wotsatira wa m'mudzi muno, chakudya chidzaphikidwa nthawi yanji, chidzagawidwa nthawi yanji, ndipo zotsala zidzatani?